Foni Ikapanda Kulira

M'mawa uliwonse m'dziko muno mumanyamuka anthu opita kukagwira ntchito kumene ambulansi singafike msanga. Wina ndi mlangizi wa zaumoyo, wamangirira bokosi la katemera pakaliyala, ulendo wa kusikelo ya kumudzi. Wina ndi mlangizi wa zaulimi pa njinga yamoto, wina mmisiri wokonza mijigo, wina mtsikana wa ganyu ya kafukufuku amene wangopatsidwa tabuleti ndi mndandanda wa midzi. Ambiri amayenda okha, ndipo ambiri amabwerako bwinobwino. Koma tayesani kulowa mu ofesi yawo cha m'ma 4 koloko madzulo n'kufunsa kuti uje ali kuti. Akuyankhani kuti, "Ali ku filudi." Mukafunsanso kuti mudzi uti, wadzera njira iti, abwera nthawi yanji, anthu amangoyang'anana.

Munthu amene ali yekha amagwa pa njinga monga momwe amagwera amene ali ndi mnzake. Kusiyana kumayamba akagwa. Wothyoka mwendo pa Zalewa amanyamulidwa ndi anthu pasanathe mphindi zingapo. Wothyoka mwendo womwewo m'chigwa cha kumapiri akhoza kugona pomwepo usiku wonse, magazi akutayika, kuzizira kukumulowa. Akuluakulu anati kuyenda awiri si mantha, ndipo kumene n'kotheka kutumiza anthu awiri, atumizidwe awiri. Koma tonse tikudziwa kuti antchito ndi ochepa, midzi ndi yambiri, ndipo mafuta ndi a njinga imodzi.

Mabungwe ambiri amaganiza kuti athana nalo vutoli akauza wantchito kuti, "Zikakuvutani mutiimbire." Malangizo amenewa amathandiza pa mavuto aang'ono okha. Munthu amene wakomoka saimba foni. Amene foni yake yagwera m'madzi, kapena yalandidwa, kapena ali pamalo opanda netiweki, saimbanso. Ngozi ikakula, m'pamenenso mwayi woti mwiniwake aitane thandizo umachepa. N'chifukwa chake dongosolo lenileni limayenda mwanjira ina: wantchito amalonjeza kuti adzamveka nthawi yakutiyakuti, ndipo munthu wina wotsala amalonjeza kuti nthawiyo ikadutsa kuli zii, adzayamba kumufuna popanda kudikira kuuzidwa. Dongosolo lonse lagona pa munthu wotsalayu. M'nkhani ino timutchule wodikira.

Chifukwa chofulumira chikuoneka ndi masamu apafupi. Munthu woyenda pansi amatha makilomita 4 pa ola. Ngati anamveka komaliza ola limodzi lapitalo ndipo sitidziwa kumene analowera, ali penapake m'dera la makilomita 4 mbali zonse, lomwe ndi masikweya kilomita pafupifupi 50. Pakadutsa maola atatu akhoza kukhala pa makilomita 12, ndipo dera lofufuza lafika masikweya kilomita 450. Nthawi yachuluka katatu, malo achuluka ka 9. Pa njinga yamoto ndiye osanena. Koma ngati munthuyo anasiya atalemba njira yake, ofufuza sayendayenda m'dera lonselo. Amangotsata msewu umodzi, kuyambira pamene anaoneka komaliza.

Tsiku limodzi ku Neno

Tiyerekeze mlangizi wamkazi amene akuchoka pa boma la Neno mwezi wa Juni, kukwera kumapiri a kwa Dambe pa njinga yamoto kukayendera midzi iwiri. Asananyamuke akusiya pepala la ulendo m'manja mwa wodikira. Papepalapo pali nambala ndi mtundu wa njinga, ndiponso mtundu wa zimene wavala, chifukwa kumudzi palibe amene amaloweza nambala ya njinga koma aliyense amakumbukira mayi wa jekete lofiira. Pali midzi yonse motsatana, njira yopitira, ndi njira ina imene angadzere ngati yoyambayo yaduka. Pa mudzi uliwonse pali dzina ndi nambala ya munthu wa pomwepo, kaya amfumu, aphunzitsi aakulu kapena wapampando wa komiti ya mjigo. Palinso matenda amene ali nawo, monga shuga kapena mphumu, ndi wachibale woti adziwitsidwe.

Kenako pali nthawi zomveka. Akunyamuka 7:30. Adzamveka 10:00 ali pa sukulu ya m'mudzi woyamba, pamene netiweki imagwira. Mudzi wachiwiri uli m'chigwa mopanda netiweki, ndiye sakulonjeza kumveka ali kumeneko. Akulonjeza 13:30, akadzakwera pamtunda pobwerera. Kufika pa boma ndi 16:00. Nthawizi zimaikidwa potsata malo amene foni imagwiradi, ndipo amene amawadziwa malowo ndi oyenda njirayo: pachulu chakuti, pansi pa mtengo wakuti, kuseri kwa tchalitchi. Ofesi yanzeru imalemba malo amenewa m'kabuku, n'kusonyeza ngati pamagwira TNM kapena Airtel, ndipo wantchito amayenda ndi mizere yonse iwiri.

Pa nthawi zitatuzi, ya 13:30 ndiyo yolemera. Mu Juni dzuwa limalowa isanakwane 17:30. Ngati galimoto imatenga maola awiri kuti ikafike kumalekezero a njirayo, ndipo ofufuza akufuna kuwala kwa pafupifupi ola limodzi, galimotoyo iyenera kukhala itanyamuka pofika 14:30. Ofesi imene imangodikira kuti mlangizi afike 16:00, n'kumuonjezera ola lina poganiza kuti wachedwa chabe, imayamba kumufuna mdima utagwa. Choncho nthawi zomveka zimawerengedwa chobwerera m'mbuyo kuchokera pa kulowa kwa dzuwa.

Uthenga wake ukhale waufupi, wa maonekedwe omwewo tsiku lililonse:

```
10:02 Ndili pa sukulu, ndili bwino.
Ndikupita mudzi wachiwiri, njira ya kumlatho.
Ndimvekanso 13:30.
-15.3305, 34.6512
```

Wodikira ayankhe kuti "Ndalandira", n'kulemba nthawi m'kaundula. Popanda yankholo, mlangizi aziona ngati sanatumize kanthu. Pa WhatsApp uthenga ukhoza kukhala ndi kachongi kamodzi kwa maola ambiri usanafike n'komwe kwa mwiniwake, pamene SMS imadutsa ngakhale netiweki ili yofooka moti mawu sangamveke. Kufulasha sikokwanira. Kumangosonyeza kuti foni ili moyo ndipo ili m'manja mwa munthu wina wake.

Manambala a pamzere womaliza ndi a GPS. Anthu ambiri sadziwa kuti foni imatha kupeza manambala amenewa ngakhale pamalo opanda netiweki, chifukwa imamvera masetilaiti mwachindunji. Netiweki imafunika pongowatumiza. Pali zinthu ziwiri zoti musamale. Kamzere kakutsogolo kwa nambala yoyamba kamatanthauza kummwera kwa dziko lapansi, ndipo mukakaiwala, manambala omwewo amaloza ku Sudan. Chachiwiri, lembani manambala anayi pambuyo pa kadontho. Digiri imodzi ndi makilomita pafupifupi 111, choncho manambala anayi amakufikitsani mkati mwa mamita 11, pamene awiri okha amakusiyani pamtunda woposa kilomita.

Tsopano 13:30 yakwana ndipo foni sinalire. Pangano limapereka mphindi 30 zodikira, chifukwa misonkhano ya kumudzi imachedwa kutha ndipo njinga imaphwa. Pa 14:00 wodikira akuimba mizere yonse iwiri, akutumiza SMS, n'kubwereza kwa mphindi 15. Pa 14:15 akudziwitsa bwana wake ndi dalaivala kuti akonzeke, ndipo akuyamba kuimbira anthu a papepala, kuyambira mudzi womaliza. Amfumu sakupezeka, poti kwawo kulibe netiweki, koma aphunzitsi ena amene akwera kumtunda akuti mayi wa jekete lofiira anatsanzika cha m'ma 12:40, analowera kumlatho. Mawu amenewa achepetsa ntchito kwambiri. Mlangizi ali penapake pakati pa mudziwo ndi pamtunda pamene anayenera kutumizira uthenga.

Pa 14:30 galimoto ikunyamuka ndi anthu awiri, bokosi la chithandizo choyamba, bulangeti, madzi ndi tochi, ndipo chipatala chapafupi chauzidwa kuti mwina kubwera wovulala. Wodikira akupempha aphunzitsi aja kuti akauze amfumu atumize anyamata awiri atsate njira ya kumlatho kuchokera kumudzi. Kawirikawiri anyamata otere ndi amene amayamba kufika, galimoto ikadali kutali. Iye mwini sakuchoka pa foni. Akakwera nawo galimoto n'kulowa m'chigwa chomwecho, sipatsalanso munthu wolandira uthenga, ndipo osowa akhala atatu kapena anayi.

Mlangizi nayenso ali ndi mbali yake ya pangano. Ngati watereka pa mlatho n'kuthyoka bondo, akhale pafupi ndi njinga, panjira imene analemba, osayesa kudula m'tchire. Azimitse zonse zodya batire pa foni. Avale zofunda asanayambe kunjenjemera, chifukwa kumapiri mu Juni, makamaka kukachita chiperoni, munthu wonyowa ndi wovulala amafooka ndi kuzizira msanga kuposa momwe timaganizira. Wezulo wapakhosi amamveka patali kuposa mawu ndipo satha batire. Ndipo chimene chimamuchititsa kuti akhale phee osachita zinthu mothamanga ndi kudziwa kuti 14:30 ikakwana anthu anyamuka.

Pamene dongosolo limafera

Dongosolo limeneli silifuna chida chodula, komabe limafa kawirikawiri, ndipo nthawi zambiri limafera mu ofesi. Wodikira amayang'ana wotchi n'kunena kuti, "Mwina batire yamuthera." Choopsa cha mawu amenewa n'chakuti nthawi zambiri amakhala oona. Masiku ambiri batire imakhala itathadi, kapena munthu wangoiwala, ndiye wodikira amazolowera kuti kukhala chete sikutanthauza kanthu. Tsiku la ngozi yeniyeni limayamba mofanana ndi masiku onsewo, ndipo ali pa desiki alibe njira yolisiyanitsira. N'chifukwa chake masitepe ayenera kulembedwa pamodzi ndi nthawi zake n'kupachikidwa pakhoma, ndipo wodikira apatsidwe mphamvu yotulutsa galimoto popanda kudikira siginecha ya bwana amene ali ku msonkhano ku Lilongwe.

Wodikira akhalenso munthu mmodzi wodziwika ndi dzina pa tsikulo. Uthenga wotumizidwa pa gulu la anthu makumi awiri umawerengedwa ndi onse, koma ukapanda kubwera palibe amene amazindikira, poti aliyense amayesa kuti mnzake akuyang'anira. Akaweruka kapena kupita ku maliro, apereke pepala ndi foni kwa wina pamaso, ndipo wa ku filudi auzidwe. Ulendo umatsekedwa pokhapokha wantchito atanena kuti wafika. Ngozi zambiri za pamsewu zimachitika pobwerera, munthu atatopa, akuthamangira mdima.

Pali zinthu ziwiri zimene mabwana amachita zimene ine ndimaziona kuti ndi zoononga kwambiri. Choyamba ndi kusiyira wantchito kuti agule yekha mayunitsi. Amene malipiro ake satha mwezi sangaike uthenga wa ku ofesi patsogolo pa ndiwo. Chachiwiri ndi kusandutsa mauthenga amenewa chida chogwirira anthu ojomba kapena chodulira alawansi. Wantchito akaona kuti zimene wanena zidzamutembenukira, amayamba kunena malo amene ayenera kukhala m'malo mwa malo amene ali, ndipo tsiku la ngozi galimoto imapita kolakwika. Amene wapatuka kukaona wodwala kwawo azitha kunena momasuka. Chimodzimodzi amene waiwala kumveka n'kutulutsitsa galimoto pachabe: alangizidwe, koma osamulipitsa mafuta, chifukwa mawa anzake onse adzapempha wodikira kuti asamafulumire.

Mukafuna kudziwa ngati dongosolo lili moyo, tsegulani kaundula. Ngati nthawi zonse zalembedwa 10:00, 13:30, 16:00 ndendende, ndi cholembera chimodzi, mosadukiza, mwina zalembedwa pamodzi Lachisanu madzulo. Kaundula weniweni amakhala ndi 10:07, 13:52, ndi timawu tapambali takuti ndinaimba kawiri, anayankha kachitatu.

Kumene foni sifika

Madera ena netiweki mulibiretu, ndipo nthawi zina imatha ngakhale kumene imakhalako. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, magetsi anazima, mafoni anasiya kugwira m'madera ambiri a kummwera, ndipo misewu ndi milatho zinakokoloka. Pa nthawi ngati imeneyo wodikira nayenso amakhala wosamva. Pangano labwino limanenanso chochita zikatero, mwachitsanzo kuti aliyense apite ku sukulu kapena chipatala chakuti chimene chili pamtunda, akadikire pomwepo osayesa kuoloka mtsinje wodzadza.

Wailesi za ovaova, zimene alonda a nyama ndi apolisi amagwiritsa ntchito, sizidalira kampani ya mafoni ndipo aliyense wa pagulu amamva nthawi imodzi. Malire ake ndi akuti mafunde ake amayenda molunjika, ndiye phiri likakhala pakati mawu amaduka, pokhapokha pamwamba pake pataikidwa makina olandira ndi kutumizanso. Zimafunanso chilolezo cha MACRA.

Kupitirira apo ndi zida za setilaiti. Foni za Iridium zimalankhula ndi masetilaiti 66 amene amazungulira dziko, choncho imodzi ikabisika ndi phiri ina imatulukira. Za Thuraya zimaloza setilaiti yokhala malo amodzi kumwamba, ndipo ngati phiri laitchinga muyenera kusuntha ndinu. Palinso tizida tating'ono monga inReach, totumiza ndi kulandira mauthenga olemba pamodzi ndi malo amene muli, tokhala ndi batani la SOS. Zonsezi zimafuna thambo loonekera. M'phompho, m'nyumba ya malata kapena pansi pa mitengo yothithikana, uthenga umachedwa kapena sutuluka. Zimafunanso kulipiridwa mwezi ndi mwezi, ndipo chida chimene malipiro ake anaduka chimayaka bwinobwino koma sichitumiza kanthu.

Mtundu wina ndi kachida kongolira pangozi, kotchedwa PLB, kamene kamatumiza chizindikiro pa 406 MHz ku dongosolo la mayiko la Cospas-Sarsat, lomwe lakhala likupulumutsa anthu kuyambira 1982. Sikafuna malipiro a mwezi ndipo kamapangidwa kuti kalire kwa maola osachepera 24. Koma kamangonena kuti pano pali vuto. Sikanena ngati ndi njoka, moto kapena mwendo, ndipo ngati sikanalembetsedwe m'dzina la mwiniwake, olandira chizindikirocho amataya nthawi pofufuza kuti ndi ka yani. Kwa wantchito wa kumidzi ine ndingasankhe chida chotumiza ndi kulandira, chifukwa kuno thandizo lidzachokera kwa dalaivala, amfumu ndi chipatala chapafupi, ndipo anthu amenewa amafunika kuuzidwa chonyamula.

Amalawi tonse tikukumbukira 10 Juni 2024, pamene ndege yonyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu inasowa, n'kupezeka tsiku lotsatira itagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Akatswiri a ku Germany amene anafufuza ngoziyo analemba kuti kachida kolira pangozi ka m'ndegemo sikanagwire ntchito, ndipo batire yake inatha nthawi mu 2004. Sindikutchula izi pofuna kutsegula chilonda. Ndikuzitchula chifukwa chida chimene chimagwira ntchito tsiku limodzi lokha pa moyo wake n'chosavuta kuchiiwala, ndipo m'maofesi ambiri muli mafoni a setilaiti ali m'kabati, amene palibe wawayesa chiwagulireni. Tsiku lotha batire lilembedwe pa kalendala, ndipo uthenga woyesera utumizidwe wantchito asanachoke pabwalo la ofesi.

Ngozi ikakhala anthu

Nthawi zina choopsa si msewu. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinafala ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo, anthu anaphedwa, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena a kumeneko. Amene ankakayikiridwa kwambiri anali alendo, anthu onyamula zida zachilendo, ofika m'mudzi popanda wowadziwa. Wakafukufuku woyeza malo ndi GPS, kapena wazaumoyo wonyamula majekeseni, akhoza kuoneka choncho mosavuta. Kuyamba kwa amfumu musanatulutse chida chilichonse ndi ulemu, komanso ndi chitetezo: mudzi umadziwa kuti ndinu ndani, amfumu amakupatsani wokuperekezani, ndipo wodikira amapeza munthu woti amuimbire. Pofunsa za njira m'mawa, wodikira afunsenso ngati m'deralo mwamveka mphekesera, mkangano wa malo kapena maliro okayikitsa. Zikakhalapo, ulendo usinthidwe tsiku.

Pa zoterezi magulu ena amapangana mawu achinsinsi. Wantchito amene wazunguliridwa, kapena ali m'nyumba ndi munthu amene akumuopseza, sanganene poyera kuti ali pamavuto. Amanena chiganizo chooneka wamba, monga kupempha kuti amusungire faelo ya mtundu wakuti, ndipo wodikira amadziwa kuti ayenera kufunsa mafunso oyankhidwa ndi inde kapena ayi okha, n'kudziwitsa apolisi ndi amfumu nthawi yomweyo. Mawuwo akhale amodzi kwa onse ndipo aziyesedwa, chifukwa munthu wamantha sakumbukira zinthu zovuta. Amayi oyenda okha m'makomo a anthu ayeneranso kukhala ndi ufulu wotuluka pakhomo pamene mtima wawo wakayika, popanda kukafotokoza zambiri ku ofesi.

Lamulo la dziko lino la chitetezo ndi umoyo wa pantchito, la 1997, limaika udindo wosamala moyo wa wantchito m'manja mwa womulemba ntchito. Ine ndimaona kuti udindowo suthera pa geti la ofesi, ndipo njira yoonera ngati bwana akuukwaniritsa ndi kuyesa. Kamodzi pa miyezi itatu, bwana apangane mwachinsinsi ndi wantchito mmodzi kuti asamveke pa nthawi yake, akhale pamalo otetezeka foni ili chozimitsa. Kenako awerenge mphindi: wodikira wazindikira liti, waimbira yani, manambala angati a papepala anali olakwika kapena a munthu amene anasamuka, makiyi a galimoto anali ndi ndani, mu thanki munali mafuta okwana kupita ndi kubwera kapena ayi. Zimene zapezeka zikonzedwe sabata yomweyo, wina asananyamukenso yekha.